Kapezedwe ka mchombo wa chitsulo chafulati pochigawa m'zigawo

Mmisiri wina wowotcherera zitsulo ku Ulongwe, m'boma la Angoniya ku Mozambiki, anadula chitsulo chafulati chochindikala mamilimita 6 choti chikakhale khoma la m'mbali mwa chigayo. Chitsulocho sichinali cha makona anayi monga chitseko. Chinali ndi thupi lalitali logona pansi, mkono woimirira kumanzere, kachigawo ka makona atatu kolimbitsa pamene thupi ndi mkono zikumana, ndiponso bowo lozungulira lodutsa shafuti. Iye anafuna kuwotchererapo mphete imodzi yokolekapo tcheni, kuti pochikweza chizilendewera chowongoka, mabowo a mabawuti nkugwirizana ndi a pafelemu popanda anthu atatu kulimbana nacho. Anaboola pamwamba pa mkono, pamene diso linamuuza, ndipo atachikweza chinapendekera kumanja moti m'munsi mwake munaloza pansi ngati khasu. Malangizo awa akutsata chitsulo chimenecho kuyambira poyeza mpaka powotcherera mphete.

Malo amene tikufunawa a masamu amawatcha sentiroidi, koma ine ndiwatcha mchombo wa chitsulo, chifukwa ndi dzina losavuta kuligwira pamtima. Mchombo ndi kadontho kamene, mutaikapo nsonga ya msomali kunsi kwake, chitsulo chogona chafulati chikhoza kukhazikika osagwera mbali iliyonse. Ndiponso chinthu chilichonse cholendewera pa chingwe chimodzi chimatembenuka mpaka mchombo wake utafika kunsi kwenikweni kwa pamene chakolekedwa. Ichi ndicho chifukwa chake chitsulo cha mmisiri uja chinapendekera: mchombo unali kutali kumanja kwa bowo lake, ndipo unasuntha kudzakhala kunsi kwalo.

Chifukwa chake timayeza ndi eliya

Musanagwire tepi, mvetsani maganizo amene njira yonse yatsamirapo, pakuti woloweza chabe amasokera akakumana ndi chitsulo cha maonekedwe ena. Tengani thabwa lopepuka lotalika mamita 3, muike thumba la mbatata la makilogalamu 50 kunsonga imodzi ndi la makilogalamu 25 kunsonga inayo. Aliyense amene anamangapo katundu panjinga akudziwa kuti mwala wotsamiritsa thabwalo sungakhale pakati, uyenera kuyandikira thumba lolemera. Kuti tidziwe pamene ukhale, timayeza mtunda wa thumba lililonse kuchokera kunsonga imodzi, nkuchulukitsa mtundawo ndi kulemera kwa thumbalo. Tikayambira pa thumba lolemera, mtunda wake ndi 0, choncho 50 kuchulukitsa ndi 0 ndi 0. Linalo lili pa mamita 3, choncho 25 kuchulukitsa ndi 3 ndi 75. Tikagawa 75 ndi kulemera konse, komwe ndi makilogalamu 75, tipeza mita imodzi. Mwala ukhale mita imodzi kuchokera pa thumba lolemera, mamita awiri kuchokera pa lopepuka. Lamulo limeneli ndi lakale kwambiri, analilemba Akimidesi wa ku Sirakusa, amene anamwalira m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe.

Pa chitsulo chafulati, zigawo zake ndizo matumba aja. Ngati chitsulo chonse ndi cha mtundu umodzi ndipo chachindikala mofanana paliponse, kulemera kwa chigawo kumatsata kukula kwa nkhope yake, kumene timati eliya. Chigawo cha eliya yowirikiza kawiri chimalemera kawiri. Motero sitifunika sikelo. Eliya imaima m'malo mwa makilogalamu, ndipo chigawo chilichonse timachiona ngati thumba limene kulemera kwake konse kwaunjikana pa mchombo wake. Masamu onse ndi awa:

```
x = (A1·x1 + A2·x2 + A3·x3 + ...) / (A1 + A2 + A3 + ...)
y = (A1·y1 + A2·y2 + A3·y3 + ...) / (A1 + A2 + A3 + ...)
```

Chilembo A ndi eliya ya chigawo, x ndi mtunda wa mchombo wa chigawocho kupita kumanja, y ndi mtunda wake kukwera m'mwamba. Timawerengera kawiri chifukwa chitsulo chikhoza kupendekera kumanzere kapena kumanja, komanso kutsogolo kapena kumbuyo.

Choyamba: jambulani, ndipo sankhani poyambira pamodzi

Mufunika tepi, sikweya, choko, pepala, pensulo ndi makina owerengera a pafoni. Jambulani chitsulocho papepala ndi miyeso yake yonse m'masentimita. Musasakanize masentimita ndi mamilimita pachithunzi chimodzi, pakuti bowo lolembedwa 200 pakati pa miyeso ya masentimita limasanduka lalikulu kuposa chitsulo chenichenicho. Chinanso, ife amene tinaphunzira masamu m'Chipwitikizi timalekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take ndi koma, pamene mafoni ambiri amagwiritsa ntchito kadontho. M'malangizo ano ndagwiritsa ntchito kadontho, choncho 47.2 ndi masentimita 47 ndi mamilimita awiri.

Miyeso ya chitsulo chathu ndi iyi. M'munsi mwake ndi motalika masentimita 120. Thupi logona lakwera masentimita 40. Kumanzere, mkono wa masentimita 40 mulifupi wapitirira kukwera masentimita 60 pamwamba pa thupi, kotero msinkhu wonse kumanzere ndi masentimita 100. Kachigawo ka makona atatu kali m'khwapa mwa mkono: kagona masentimita 60 pamwamba pa thupi ndipo kakwera masentimita 45 motsamira mkono. Bowo la shafuti ndi la masentimita 20 kukamwa kwake, ndipo pakati pake pali pa masentimita 90 kuchokera kumanzere ndi masentimita 20 kuchokera pansi.

Tsopano sankhani kona imodzi yoyambirapo miyeso yonse, muilembe 0. Masamu amalola poyambira paliponse, ndipo mchombo umatuluka pamalo omwewo, koma ine ndimalangiza kona ya pansi kumanzere nthawi zonse, chifukwa mukatero mitunda yonse imapita kumanja ndi m'mwamba ndipo simulimbana ndi manambala ochepera 0. Palinso phindu lina: kona imeneyi imapezeka pachitsulo chenicheni, mukhoza kukolapo tepi pomaliza. Onetsetsani ndi sikweya kuti konayo ndi yowongokadi, pakuti ngati chodulira chinakhota, miyeso yonse idzakhota nayo.

Chachiwiri: gawani chitsulo m'zigawo zodziwika mchombo

Jambulani mizere papepala yodula chithunzicho m'zigawo zimene mchombo wake mukuudziwa kale popanda kuwerengera kwambiri. Malamulo ndi awiri okha: zigawo zisakwerane, ndiponso pasatsale kachidutswa kopanda mwini. Kukwerana ndiko kumachitika kawirikawiri pa chitsulo chokhala ndi mkono ngati ichi, pamene munthu amatenga thupi lonse la 120 ndi 40, kenaka nkutenga mkono wonse wa 40 ndi 100, osazindikira kuti kona ya pansi kumanzere waiwerenga kawiri. Njira yopewera ndi kupaka chigawo chilichonse mizere yakeyake ndi pensulo; pamene mizere yapingasana, pamenepo mwawerenga kawiri.

Chitsulo chathu tichigawa panayi. Chigawo A ndi thupi logona, 120 ndi 40. Chigawo B ndi mkono wokha umene uli pamwamba pa thupi, 40 ndi 60. Chigawo C ndi cha makona atatu chija. Chigawo D ndi bowo. Bowo limawerengedwa ngati chigawo ngakhale mulibe chitsulo, chifukwa powerengera A tiyamba tayerekeza kuti thupi ndi lathunthu, kenaka nkuchotsera chitsulo chimene chinatuluka pabowopo. Izi nzosavuta kuposa kuyesa kugawa thupi loboola m'tizidutswa tozungulira bowo, zimene sizitheka nkomwe ndi mizere yowongoka.

Chachitatu: eliya ya chigawo chilichonse

Pano sitichedwapo. Ya makona anayi ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, motero A ndi 120 × 40 = 4800 ndipo B ndi 40 × 60 = 2400, zonse m'masikweya sentimita. Ya makona atatu ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu, motero C ndi 60 × 45 ÷ 2 = 1350. Ya bowo ndi 3.14 kuchulukitsa ndi theka la kukamwa kawiri. Theka la 20 ndi 10, motero D ndi 3.14 × 10 × 10 = 314, ndipo muilembe nthawi yomweyo ndi chizindikiro chochotsera, −314, musadikire kuti mudzakumbukira kutsogolo. Samalani kuti mwagwiritsa ntchito theka la kukamwa, osati kukamwa konse, pakuti woika 20 m'malo mwa 10 amapeza 1256, bowo lowirikiza kanayi.

Eliya yonse ndi 4800 + 2400 + 1350 − 314 = 8236. Nambala imeneyi imatiuzanso kulemera: chitsulo wamba chimalemera pafupifupi makilogalamu 7850 pa kiyubiki mita, ndiye chochindikala mamilimita 6 chimalemera makilogalamu 47 pa sikweya mita, ndipo chathuchi, cha masikweya mita 0.82, chili pafupifupi makilogalamu 39. Si katundu woopsa, koma m'mphepete mwake mukatsetsereka pa phazi simuiwala.

Chachinayi: mchombo wa chigawo chilichonse, kuyezera pa 0

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, choncho tiyendapo pang'onopang'ono. Vuto si kudziwa mchombo wa chigawo pachokha, koma kukumbukira kuti mtunda wake uyenera kuchokera pa kona ya 0, osati pa kona ya chigawocho. Njira yabwino ndi kudzifunsa mafunso awiri pa chigawo chilichonse: chigawochi chayambira pati, nanga mchombo wake uli patali bwanji kuchokera pamene chayambirapo? Mayankho awiriwo muwaphatikize.

Chigawo A chayambira pa 0 penipeni, ndipo mchombo wa makona anayi uli pakati, pamene mizere yochokera kona ndi kona imapingasana. Motero x ndi 60, y ndi 20.

Chigawo B chayambira kumanzere kwenikweni, choncho x ndi theka la 40, yomwe ndi 20. Koma kukwera m'mwamba, B wayambira pa 40, pamwamba pa thupi, ndipo theka la msinkhu wake ndi 30. Motero y ndi 40 + 30 = 70. Wolemba 30 yekha wagwetsera mkono pansi m'kati mwa thupi, ndipo yankho lake lomaliza la y lidzatuluka 28.7 m'malo mwa yankho loona, kuphonya ndi masentimita oposa 11.

Chigawo C chikufuna chidwi chapadera. Mchombo wa makona atatu suli pa theka la msinkhu, uli pa gawo limodzi la magawo atatu kuchokera ku tsinde, chifukwa chitsulo chambiri chili kutsinde ndipo kunsonga kwatsala kochepa. Chathu chili ndi kona yowongoka m'khwapa muja, pa x = 40 ndi y = 40, ndipo kwa chigawo chotere lamulo ndi losavuta: kuchokera pa kona yowongokayo, yendani gawo limodzi la magawo atatu la mbali iliyonse. Gawo lotere la 60 ndi 20, ndipo la 45 ndi 15. Motero x ndi 40 + 20 = 60, y ndi 40 + 15 = 55. Ena amasokoneza nkuyenda magawo awiri, nkupeza 80 ndi 70. Kulakwa kumeneku kumadziulula kokha mukaika kadontho pachithunzi, pakuti pa x = 80 m'mphepete mopendekera mwa C muli pa msinkhu wa 55 basi, ndiye kadontho ka pa 70 kagwera mumpweya, kunja kwa chigawo. Mchombo wa makona atatu sungakhale kunja kwake. Nchifukwa chake ndimaumirira kuti mchombo uliwonse uikidwe pachithunzi ndi pensulo musanaulembe m'tebulo.

Chigawo D mchombo wake ndi pakati pa bowo, x ndi 90, y ndi 20. Mitunda imeneyi siilandira chizindikiro chochotsera. Chochotsera chili pa eliya yokha.

Mukadzakumana ndi chigawo chooneka ngati theka la mwezi wathunthu, monga pamwamba pa zenera lokhota, mchombo wake uli pa mzere wa pakati, patali 0.424 kuchulukitsa ndi theka la kukamwa kuchokera kumbali yowongoka. Pa chitsulo chathu palibe chotere.

Chachisanu: tebulo, kuchulukitsa ndi kugawa

Lembani zonse m'tebulo, ngakhale zigawo zitakhala ziwiri zokha. Wowerengera m'mutu kapena molunjika pafoni sapeza pamene analakwitsa, amangoyambiranso.

```
Chigawo    A       x    y     A·x       A·y
A        4800     60   20   288000     96000
B        2400     20   70    48000    168000
C        1350     60   55    81000     74250
D        -314     90   20   -28260     -6280
Zonse    8236               388740    331970
```

Mzere uliwonse, chulukitsani eliya ndi x, kenaka eliya ndi y. Pa bowo zonse ziwiri zimatuluka zochotsera chifukwa eliya yake ndi yochotsera. Phatikizani mizati itatu yokha, wa A, wa A·x ndi wa A·y. Mizati ya x ndi y siphatikizidwa, chifukwa kuphatikiza mitunda popanda kulemera kwake kulibe tanthauzo. Pomaliza gawani:

```
x = 388740 / 8236 = 47.2
y = 331970 / 8236 = 40.3
```

Mchombo wa chitsulo uli masentimita 47.2 kuchokera kumanzere ndi masentimita 40.3 kuchokera pansi. Pachithunzi, kadonthoka kagwera m'khwapa, kumanja pang'ono kwa mkono, pamzere pamene thupi likumana ndi chigawo cha makona atatu. Musavutike ndi manambala ambiri kutsogolo kwa kadontho. Choko chenichenicho ndi chonenepa kuposa mamilimita awiri.

Nkoyenera kuona kusiyana kwa yankholi ndi njira ziwiri zachidule zimene anthu amakonda. Yoyamba ndi kutenga theka la mulitali ndi theka la msinkhu wa chitsulo chonse, 60 ndi 50, ngati kuti ndi chitseko. Imeneyi yaphonya ndi masentimita pafupifupi 13 kumanja ndi 10 m'mwamba. Yachiwiri ndi kuphatikiza michombo ya zigawo zitatu nkugawa ndi 3, osalabadira eliya. Imeneyi imapereka x = 46.7 ndi y = 48.3. Onani msampha wake: x yayandikira yankho loona mwamwayi chabe, ndipo munthu akhoza kukhulupirira njirayo, pamene y yaphonya ndi masentimita 8, chifukwa yapatsa kachigawo ka 1350 mphamvu yofanana ndi thupi la 4800.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani yankho musanayatse moto

Kuyesa koyamba ndi kwa maso. Yankho liyenera kukhala pakati pa michombo ya zigawo zachitsulo, mokokera ku chigawo chachikulu. Michombo yathu pa y ndi 20, 55 ndi 70, ndipo 40.3 yakokera ku 20, kumene kuli thupi. Nzomveka. Yankho la x loposa 120 kapena la y loposa 100 limasonyeza kuti mwagawa ndi nambala yolakwika kapena mwasakaniza miyeso.

Kwachiwiri nkwa bowo. Werengerani popanda mzere wa D: eliya ndi 8550, A·x ndi 417000, A·y ndi 338250, ndipo mchombo utuluka pa 48.8 ndi 39.6. Bowo litaboolwa, mchombo wasuntha kufika pa 47.2 ndi 40.3, ndiye kuti wapita kumanzere ndi m'mwamba, kuthawa bowo limene lili kumanja ndi pansi. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira, popeza mbali yaboolayo yapepuka. Mukaona kuti mchombo wayandikira bowo, monga kufika pa 50.2 ndi 38.9, dziwani kuti bowolo mwaliphatikiza m'malo molichotsera.

Kwachitatu ndiko ndimakudalira kwambiri papepala: gawani chitsulo mwa njira ina. M'malo modula mopingasa, dulani choimirira, kuti kumanzere kukhale mzati wathunthu wa 40 ndi 100 ndipo kumanja kutsale thupi la 80 ndi 40. Mzati uli ndi eliya 4000, mchombo pa 20 ndi 50. Thupi lotsala lili ndi eliya 3200, ndipo popeza layambira pa 40, mchombo wake uli pa 80 ndi 20. A·x ya ziwirizi ndi 80000 + 256000 = 336000, ndipo m'tebulo loyamba A ndi B zinapereka 288000 + 48000, yomwenso ndi 336000. A·y ndi 200000 + 64000 = 264000, yofanana ndi 96000 + 168000. Magawidwe awiri osiyana akagwirizana chotere, nkovuta kuti onse alakwe mofanana.

Kuyesa komaliza nkwa manja, ndipo kumakhutiritsa ngakhale mmisiri amene sakhulupirira pepala. Dulani katoni yolimba m'maonekedwe a chitsulocho, muyeso uliwonse mutaugawa ndi 5, kuti ikhale masentimita 24 ndi 20, ndipo bowo la masentimita 4 mulidulenso. Boolani kabowo pafupi ndi kona imodzi, muikoleke pa msomali momasuka kuti izitha kugwedezeka. Pa msomali womwewo mangani ulusi wokhala ndi nati kunsonga, mudikire zonse zikhale bata, kenaka mulembe mzere motsata ulusiwo. Bwerezani pokoleka pa kona ina yotalikirana ndi yoyamba. Pamene mizere iwiri yapingasana ndi pamchombo, ndipo payenera kukhala pafupi ndi masentimita 9.4 kuchokera kumanzere ndi 8.1 kuchokera pansi. Chitirani m'nyumba, chifukwa kamphepo kochepa kamakankha katoni. Ndipo kabowo kakathina pa msomali, katoniyo imaima pamene yakakamira osati pamene kulemera kwaifikitsa. Kusiyana kwa mamilimita awiri kapena atatu pakatoni si kodetsa nkhawa, koma sentimita yathunthu ikutanthauza masentimita 5 pachitsulo, ndipo muyenera kubwerera ku tebulo.

Pamene eliya yokha siikwana

Zonsezi zatsamira pa mfundo ija yakuti chitsulo nchofanana paliponse. M'mashedi mwathu nthawi zambiri sizikhala choncho, popeza mmisiri amalumikiza zidutswa zimene wapeza. Tiyerekeze kuti mkono B wadulidwa ku chitsulo cha mamilimita 10 pamene zina zonse ndi za 6. Mchombo wa chithunzi susintha, koma pokhazikika pa chitsulo chenicheni pasuntha. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa eliya ya chigawo chilichonse ndi kuchindikala kwake, nkugwiritsa ntchito nambala yotulukayo m'malo mwa eliya. Thupi likhala 28800, mkono 24000, cha makona atatu 8100, bowo −1884, zonse pamodzi 59016. Mukatsata tebulo monga kale mupeza 42.8 ndi 45.1, kutanthauza kuti pokhazikika pakokeredwa ku mkono ndi masentimita oposa 4 mbali zonse ziwiri. Katoni siingakuuzeni zimenezi, chifukwa yokha nyofanana paliponse. Ngati zigawo ndi za zinthu zosiyana, monga chitsulo ndi thabwa, muyenera kugwiritsa ntchito kulemera kwenikweni kwa chigawo chilichonse. Chimodzimodzi bulaketi yolemera imene mudzawotcherere pambuyo pake: iwerengedwe ngati chigawo chachisanu, apo ayi mphete muiike bulaketiyo itatha kuwotchereredwa.

Dziwaninso kuti mchombo sukakamizidwa kugwera pachitsulo. Chitsulo chopyapyala chokhota ngati sikweya ya mmisiri, cha mikono iwiri ya masentimita 100 mulitali ndi 10 mulifupi, mchombo wake umatuluka pa 28.7 ndi 28.7, pamalo opanda kanthu pakati pa mikonoyo. Yankho lotere si kulakwa. Limangotanthauza kuti chinthucho simungachikhazike pa nsonga imodzi chitagona, ngakhale mungathe kuchilendeweretsa chowongoka pokoleka pamwamba pa malowo.

Kusamutsira yankho pachitsulo

Tibwerere kwa mmisiri uja. Bowo lake loyamba linali pakati pa mkono, pa x = 20 ndi y = 95. Mchombo unali masentimita 27.2 kumanja kwake ndi 54.7 kunsi kwake, ndipo kuti ufike kunsi kwa bowo chitsulo chinayenera kutembenuka pafupifupi madigiri 26. Ndiko kupendekera kumene anakuona.

Kuti chilendewere choimirira, m'munsi mwake muli mowongoka, chofunika ndi x yokha. Kolani tepi kumanzere, muyeze masentimita 47.2 m'munsi mwa chitsulo, muikepo chizindikiro, kenaka ndi sikweya mukweze mzere wa choko kuchokera pamenepo mpaka utatuluka pamwamba. Mzerewo utulukira m'mphepete mopendekera mwa chigawo cha makona atatu, pa msinkhu wa masentimita pafupifupi 80. Mphete iwotchereredwe pamenepo, ndipo chimene chiyenera kukhala pamzere ndi diso la mphete, pamene tcheni idzakoke, osati phazi lake. Popeza m'mphepetemo ndi mopendekera, mphete yoikidwa motsata kupendekerako diso lake limathawira kumanja. Tcheninso idzadutsa masentimita 7 okha kuchokera m'mbali mwa mkono, choncho ngowe yake isakhale yaikulu moti nkutsamira mkonowo. Malowa ali masentimita pafupifupi 40 pamwamba pa mchombo, ndipo mtunda umenewu ndi wabwino, chifukwa pokoleka pakakhala patali pamwamba pa mchombo, kuphonya kwa sentimita imodzi kumapendeketsa chitsulo pang'ono chabe, kosakwana madigiri awiri. Mphete ikakhala pafupi kwambiri ndi mchombo, kuphonya komweko kumachipendeketsa kwambiri, ndipo ikakhala kunsi kwa mchombo chitsulo chimagudubuka mutu pansi.

Ngati mukufuna kuchinyamula chogona chafulati, pamenepo mufunika x ndi y zonse: pamzere womwewo yezani masentimita 40.3 kuchokera pansi, mumenye panchi, ndipo mphete ikhale pankhope pa kadonthoko. Mwa njira iliyonse, yambani mwaigwiritsa mphete ndi timadontho ta moto tolimba bwino, mukweze chitsulo masentimita ochepa kuchokera pansi, mapazi ali kutali, muike levulo m'mphepete mowongoka. Levulo ikavomera, tsitsani chitsulo pansi nkuwotcherera mphete kuzungulira konse. Ikakana, mbali imene yatsika ndiyo mphete isunthire.